Mmene ndinakonzera phunziro loti lipitirire ngakhale magetsi azime

Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi m'damu la Kariba, magetsi muno mu Lusaka ankatha maola ambiri tsiku lililonse asakuyaka, ndipo m'nyengo imeneyo ndinapemphedwa kukaphunzitsa gulu la amayi a ku Matero amene amasonkha ndalama n'kumabwerekana. Nkhani yake inali ya kawerengedwe ka chiwongoladzanja. Ndinali ndi masilaidi 18 a PowerPoint okwanira mphindi 30, koma ndinkadziwa kuti ngakhale laputopu ili ndi batire lake, pulojekita ya m'holoyo inalibe, choncho magetsi akanangozima khoma likanatsala loyera.

Poyamba ndinaganiza zongosindikiza masilaidi onse papepala, koma nditasindikiza tsamba limodzi ndinaona vuto lake. Chithunzi changa chinali ndi mizere iwiri, wofiira ndi wobiriwira, ndipo pa makina osindikiza ndi inki yakuda yokha mizere yonseyo inatuluka yotuwa mofanana, moti ngakhale ine mwiniwake ndinalephera kuisiyanitsa. Apa m'pamene ndinasintha njira. Ndinadutsa m'masilaidi onse ndikudzifunsa funso limodzi pa silaidi iliyonse: kodi ichi munthu angachimve ndi khutu lokha, kapena n'chofunika achione ndi maso? Masilaidi 13 anali mawu okhaokha amene ndinkawagwiritsa ntchito podzikumbutsa zoti ndinene, awiri anali zithunzi zongokongoletsa, ndipo atatu okha ndi amene anali ndi manambala oti omvera awaone. Ndinachita manyazi pang'ono kuzindikira kuti pulojekitayo inkathandiza ine kwambiri kuposa omvera.

Masilaidi 13 aja ndinawasandutsa timakadi, podula mapepala olimba a A4 panayi. Pakadi iliyonse ndinalemba mutu umodzi, mawu oyambira ndi mphindi zimene mutuwo uyenera kutenga, ndipo ndinaika nambala pakona n'kubowola timakadito ndi kutimanga ndi ulusi kuti tikagwa tisasokonekere. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu chifukwa magetsi akazima m'holo mumachita mdima.

Ntchito yeniyeni inali pa masilaidi atatu otsalawo. Ndinagula mapepala aakulu a A1, amene m'lifupi mwake ndi masentimita pafupifupi 59 ndipo m'litali ndi 84, kenako ndinafunsa amayi a mpando kutalika kwa holoyo. Iwo anayeza ndi mapazi n'kundiuza kuti benchi yomaliza ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 9 kuchokera kutsogolo. Olemba zikwangwani amatsatira muyezo wakuti pa mamita atatu alionse chilembo chizitalika masentimita awiri ndi theka, kutanthauza kuti zilembo zanga zinafunika kukhala za masentimita 7 kapena 8. Pa msinkhu umenewo pepala limodzi limangokwana mizere isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri, ndipo mzere uliwonse sungapitirire zilembo khumi ndi zingapo. Tebulo langa la miyezi 12 silikanakwana ngakhale pang'ono, choncho ndinalitaya n'kupanga chitsanzo chachifupi.

Chitsanzocho chinali cha ngongole ya K900 yobwezedwa m'miyezi itatu pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pamwezi. Papepala loyamba ndinalemba njira yowerengera pa ndalama yonse imene munthu anabwereka: K90 mwezi uliwonse, zonse pamodzi K270. Pa lachiwiri ndinalemba njira yowerengera pa ndalama imene yatsala, pamene wobwereka akubweza K300 mwezi uliwonse: K90, kenako K60, pomaliza K30, zonse pamodzi K180. Lachitatu ndinalisiya losalemba ndi inki, koma ndinalembapo mopepuka ndi pensulo K270, K180 ndi kusiyana kwake, K90, kuti ndidzadutsemo ndi cholembera chachikulu cha inki chotchedwa maka anthu akuona, popeza pensulo saioneka kwa amene akhala patali. Ndinagwiritsa ntchito maka akuda ndi abuluu okha, chifukwa ofiira ndi obiriwira saoneka bwino pamalo pamene kuwala kuli kochepa. Manambala omwewo ndinawasindikizanso patsamba limodzi la A4, makope 40, ndipo kutatsala tsiku limodzi kuti phunzirolo lichitike ndinatumiza PDF ku gulu lawo la WhatsApp, podziwa kuti magetsi akazima nthawi yaitali netiweki ya foni nayo imavuta.

Chimene ambiri amaiwala ndi chakuti chimkuzamawu chimazima pamodzi ndi pulojekita. Munthu wolankhula popanda maikolofoni amayenera kukweza mawu, kulankhula pang'onopang'ono ndiponso kubwereza funso lililonse lochokera kwa omvera kuti akumbuyo alimve, ndipo zonsezi zimadya nthawi. Nditayeserera kunyumba, nditaima pakhonde mwana wanga ataima kugeti, nkhani ya mphindi 30 inatenga mphindi 38. Choncho ndinaika chizindikiro pa makadi atatu oti ndidzawadumphe ngati zinthu zitavuta, n'kusiya chitsanzo cha K900 chosakhudzidwa.

Ndinayesereranso kusintha kwenikweniko. Mu PowerPoint, munthu akadina `B` pamene masilaidi akuonetsedwa, chithunzi chimazima n'kutsala chakuda. Ndinapempha mwanayo kuti adine bataniyo nthawi ina iliyonse osandichenjeza, ndipo ulendo woyamba ndinapezeka ndikuyang'ana laputopu kukamwa kuli yasa. Pofika ulendo wachitatu ndinali nditazolowera kumaliza chiganizo chimene ndayamba, kutulutsa makadi m'thumba la malaya ndi kuyenda kupita pamene pali mapepala, osasiya kulankhula.

Tsiku la phunzirolo ndinafika kutatsala ola limodzi. Ndinamata mapepala atatu aja pakhoma loyang'anizana ndi mawindo, osati pakati pa mawindo pamene kuwala kumathobwa m'maso, ndipo awiri olembedwawo ndinawapinda m'mwamba n'kuwagwira ndi kachidutswa ka tepi kuti anthu asawerenge nthawi isanakwane. Ndinagwirizana ndi amayi awiri kuti magetsi akazima mmodzi atsegule makatani, winayo agawe mapepala.

Magetsi anazima ndili pa silaidi yachisanu ndi chiwiri. Kumbuyo wina anati, "Malaiti apita," monga tinenera kuno, ndipo amayi a mpando anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Aphunzitsi, tidikire kodi? Mnyamata wapita kukaliza jenereta." Ndinawayankha kuti, "Ayi amayi, tipitirize, koma a kumabenchi akumbuyo asendere kuno." Makatani atatseguka ndinamasula pepala loyamba. Pamene ndinkalemba K90 yomaliza ija papepala lachitatu, mayi wina wachikulire anadzuka, nabwera kutsogolo n'kuloza ndi chala pa K60, akufunsa chifukwa chake yatsika mwezi wachiwiri. Ndinawapatsa maka kuti achotse okha K300 pa K900, ndipo atalemba K600 anagwedeza mutu n'kubwerera pamalo awo.

Jenereta inalira patapita mphindi pafupifupi khumi, koma pulojekita sindinaiyatsenso. Ya mtundu wa babu ikazima mwadzidzidzi imafuna nthawi kuti izizire isanayakenso, ndipo kutsekanso makatani ndi kufufuza silaidi imene tinalekezera kukanadula nkhani pakati kachiwiri. Ndinangotenga maikolofoni yokha.

Cholakwa chimodzi ndinachiona pomatula mapepala. Inki ya maka inadutsa papepala lachitatu n'kusiya timadontho takuda pakhoma la holo, moti ndinapepesa kwa oyang'anira malowo n'kutsala ndikupukuta ndi kansalu konyowa. Kuyambira tsiku limenelo, kuseri kwa pepala lililonse loti ndilembepo anthu akuona ndimamatako nyuzipepala ziwiri zakale.