Dzina lofikira kompyuta yanga ya ku Highfield

Kompyuta yanga yakale imakhala kunyumba ku Highfield mumzinda wa Harare, ndipo ndikakhala m'tauni ndimatengamo mafayilo a ntchito kudzera pa SSH, njira yolowera mu kompyuta uli kutali. Chinkandisautsa ndi adiresi. Magetsi akazima n'kuyakanso, rauta inkadzuka ndi nambala ina ya pa intaneti, moti ndinkachita kuimbira achemwali kuti andiwerengere yatsopano. Kutopetsa munthu wamkulu ndi manambala kunkandichititsa manyazi.

Ndinayamba ndi kufufuza ngati adiresiyo ndi yangadi. Mu rauta ndinaona nambala yolembedwa pa WAN, mbali yoyang'ana ku intaneti, n'kuiyerekezera ndi imene lamulo ili linandipatsa:

```
curl -4 ifconfig.me
```

Zinafanana, mtima unakhala pansi. Zikasiyana, makamaka ya mu rauta ikayamba ndi 100.64 mpaka 100.127, kawirikawiri ndiye kuti kampani ya intaneti yakuikani pa adiresi imodzi ndi anthu ena ambiri. Pamenepo dzina silingakufikitseni kunyumba, muyenera kupempha adiresi yanuyanu kaye.

Kenako ndinatenga dzina laulere pa DuckDNS, omwe amalumikiza dzina ndi adiresi yosinthasintha, tinene kuti `nyumbayanga.duckdns.org`. Amaperekanso nambala yachinsinsi yotchedwa `token`. Pa kompyuta ya kunyumba, yomwe ili ndi Linux, ndinalemba `crontab -e` n'kuikamo mzere uwu:

```
*/5 * * * * curl -s "https://www.duckdns.org/update?domains=nyumbayanga&token=TOKEN&ip="
```

Mphindi 5 zilizonse kompyutayo imagogoda kwa DuckDNS, iwo n'kulemba adiresi yomwe yachokera. N'chifukwa chake pa `ip=` sindinalembepo kanthu. Nditayesa pamanja anayankha `OK`. Akayankha `KO`, dzina kapena `token` yalakwika.

Dzina limangokufikitsa pa rauta. Kuti ndidutse, pa `Port Forwarding` ndinauza rauta kuti zofika pa khomo 2222 zizipita pa khomo 22 la kompyutayo, yomwe adiresi yake ya m'nyumba ndi 192.168.1.5. Ndinatsekanso kulowa ndi pasiwedi, chifukwa khomo lotsegukira kunja limagogodedwa ndi anthu osawadziwa usana ndi usiku. Ndimalowa ndi kiyi ya SSH basi. Poyesa ndinagwiritsa ntchito data ya pafoni, poti marauta ena amakana ukaitana adiresi yakunja uli m'nyumba momwemo.

Patapita masiku, magetsi atabwerako, ndinalephera kulowa ndili ku Mbare. Ndinaganiza kuti dzina latsalira. Nditafika kunyumba, lamulo la `nslookup` lofufuzira adiresi ya dzinalo linaonetsa nambala yofanana ndi ya pa WAN, kusonyeza kuti vuto linali mkati. Rauta inapereka 192.168.1.5 ku foni ya mphwanga, kompyuta n'kulandira 192.168.1.7. Ndinaisungira nambala yakeyake pa gawo la DHCP mu rauta, ndipo mu BIOS ndinasankha kuti izidziyatsa yokha magetsi akabwera. Tsopano achemwali akanditumizira uthenga kuti ayaka, ndimadikira mphindi zochepa n'kulemba:

```
ssh -p 2222 ine@nyumbayanga.duckdns.org
```