Giya ya mano 30 ndi muyeso womwe veniya singaugwire

Pa phunziro la magiya a mano owongoka, chomwe chandigwira mtima n'chakuti miyeso yonse ikuluikulu imachokera pa manambala awiri okha: modyulo, m, yomwe imanena kukula kwa dzino m'mamilimita, ndi chiwerengero cha mano, z.

Muyeso wofunika kwambiri ndi dayamita ya pitchi, d = m × z, koma sungauone pa chitsulo. Ndi dayamita ya mzere wozungulira wongoganizira, wodutsa chapakati pa msinkhu wa mano, pomwe magiya awiri amagubuduzana osatererana. Chomwe veniya, chida choyezera kukula kwa zitsulo, imagwira ndi dayamita ya kunja, da. Dzino limapitirira mzere uja ndi modyulo imodzi, mbali iyi ndi mbali inayo, choncho da = m × (z + 2).

Tiyerekeze kuti muli ndi giya yakale yopanda cholembedwa chilichonse. Mwawerenga mano 30, veniya yasonyeza mamilimita 79.8. Kugawa 79.8 ndi 32, osati 30, kukupatsa 2.49. Modyulo zili ndi manambala ake okhazikika, monga 2, 2.5 ndi 3, ndiye iyi ndi 2.5, pang'ono paperewerapo n'chifukwa cha kuperepeseka kwa nsonga kapena mmene anaidulira. Ndiye kuti d ndi 75, da ndi 80.

Inzake ya mano 18 iyenera kukhala ya modyulo yomweyo, apo ayi sizilumana. Yake d ndi 45, da ndi 50. Mtunda wa pakati pa mashafiti ndi a = m × (z1 + z2) / 2, kutanthauza 2.5 × 48 / 2, mamilimita 60.

Apa m'pamene pali msampha. Munthu akaphatikiza madayamita akunja, 80 ndi 50, n'kugawa pawiri, apeza 65. Mamilimita 5 owonjezerawo ndi modyulo ziwiri, komwe ndi kuzama konse komwe mano amayenera kulowerana. Akaboola malo a mashafiti pa 65, nsonga zizingokhudzana, giya imodzi osakoka inzake n'komwe. Kutalikitsa pang'ono chabe kumachititsa giya kugwedera ndi kugogoda ikamabwerera m'mbuyo; kufupikitsa, mano amathinana n'kumatentha.

Kuyeza kumavutako mano akakhala osagawika pawiri, monga 31, poti dzino limayang'anizana ndi mpata ndipo veniya imasonyeza nambala yochepa. Ine ndimakonda kuyeza kuchokera m'mphepete mwa bowo la shafiti kufika pa nsonga, kuchulukitsa kawiri, kenako kuwonjezera dayamita ya bowolo.

Yankho la modyulo likagwera pa 2.54, musalikakamize kukhala 2.5. Kawirikawiri imeneyo imakhala giya ya mainchi, ya mano 10 pa inchi iliyonse ya dayamita ya pitchi, ndipo ya mano 30 kunja kwake kumakwana pafupifupi 81.3. Magiya a mano ochepera 17 nawonso amafuna kusamala: opanga nthawi zambiri amasuntha chodulira kuti tsinde la dzino lisadyeke, ndipo zikatero dayamita ya kunja imaposa m × (z + 2).