Kujambula mawu paphiri la mphepo

Galimoto inatisiya m'munsi chifukwa msewu unali utagumuka, ndiye tinakwera wapansi, ine nditabereka chikwama cha zojambulira mawu, anzanga atasenza kamera. Tinkapita kukajambula kanema wa gulu la amayi odzala mitengo pamalo okokoloka. Wa kamera atafika pamwamba anangoti, "Pano ndiye pabwino!" Ine ndinali nditayamba kale kumvetsera mphepo.

Mayi wapampando tinawamangirira kamaikolofoni kakang'ono pabulauzi, pakati pa chifuwa, masentimita ngati 20 kutsika kuchokera kuchibwano. Mukakakweza kwambiri mawu amabisika pansi pa chibwano, mukakatsitsa kamayamba kutola za pambali. Waya ndinaupinda kalupu pafupi ndi kopanira, kenako mnzawo anaumata ndi tepi mkati mwa chovala, kuti akamasuntha usamakokeke n'kutumiza kukwekwesa m'maikolofoni. Mkanda wawo ndinawapempha kuti avule, unkagogoda.

Nditavala mahedifoni ndinamva kugunda konga kwa bingu lakutali, pamene khutu chabe linkangomva kamphepo kayaziyazi. Kasiponji kamene kamabwera ndi maikolofoni n'ka m'nyumba, panja sikapirira. Ndinaveka kachipewa kaubweya pamwamba pake, poti ubweyawo umafooketsa mphepo isanafike pakamwa pa maikolofoni. Kenako ndinati, "Mayi, tatembenukani pang'ono, mphepoyi izikumenyani kumsana." Thupi lawo lomwe linakhala chotchinga. Zotsalira ndinazichepetsa poyatsa Low Cut, batani lodula phokoso la besi, pa 80 Hz, ngakhale batani limeneli anthu amalidalira mopitirira: mphepo ikadzaza maikolofoni mpaka mawu kusweka, palibe chokonza pambuyo pake. Mphamvu ya mawu ndinaisiya kuti akakweza izifika cha pa -12 dB.

Mawuwo ankalowa m'rekoda yapadera, choncho kilapa, matabwa awiri omenyanitsa othandiza kulinganiza mawu ndi kanema, inali yofunika. Mnyamata wina wa m'gululo ankatchula nambala ya chigawo, kenako n'kumenya thabwalo kamera ikuona, pafupi ndi amayiwo. Pakompyuta kumenyako kumaoneka ngati kamzere kosongoka, ndipo mumangokalinganiza ndi felemu ya kanema imene matabwa awiriwo akhudzana.

Panali chithunzi chimodzi chimene kamera inaima kutsidya kwa chigwembe, mamita ngati 30. Apa musadalire phokoso limene maikolofoni ya pakamera yatola. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye kuti afike pakamerapo amachedwa ndi mafelemu awiri ngati mukujambula 25 pa sekondi. Mukalinganiza ndi phokoso lochedwalo, mawu amatsalira m'mbuyo mwa milomo, ndipo zimaonekera msanga pa "p" ndi "m". Ife tinauza mnyamatayo kuti aziyasamitsa kilapa kwambiri kuti kutsekeka kwake kuoneke patali.

Tisanatsike ndinapempha aliyense akhale chete kwa theka la mphindi, ndijambule phokoso la malowo lokha lotsekera mipata podula kanema. Ana anaseka kawiri, kachitatu zinatheka.