Sabata ya 9 ndi Chiviyetinamu: kadontho kamodzi pansi pa â

Sabata ino sindinawonjezere mawu atsopano ambiri, mwina 15 basi, chifukwa nthawi yonse yathera pa timizere ndi timadontho tija timakhala pamwamba ndi pansi pa zilembo. Pamene ndinkayamba ndinkatiwona ngati tokongoletsa chabe, ngati kachipewa ka pa ŵ ya Malaŵi kamene ambirife tinasiya kulemba koma aliyense amawerengabe bwinobwino. Ku Chiviyetinamu sizili choncho ayi, ukachotsa kachizindikiro kamodzi ndiye kuti walemba mawu ena, osati mawu omwewo olakwika pang'ono koma enaake osiyaniranatu.

Chomwe chinandipangitsa kuti ndikhale pansi ndi ichi. Pali mayi wina wa ku Hanoi amene timathandizana, iye ndimamuthandiza Chingelezi ine amandikonza Chiviyetinamu, ndi wamkulu kwa ine ndiye ndimamutchula chị, kutanthauza achemwali, ndipo ine ndimadzitchula em, wamng'ono, ndi momwe amayankhulirana kumeneko. Lachiwiri anandifunsa ngati tingayimbirane madzulo, ine tsikulo ntchito inali yothina ndiye ndinafuna kulemba Hôm nay em bận, kutanthauza lero ndatanganidwa. Chomwe ndinatumiza ndi Hôm nay em bẩn. Zilembo zonse ndi zomwezo, b, â, n, kusiyana kwake nkoti m'malo mwa kadontho pansi pa â ndinaika kambedza pamwamba, ndipo bẩn ndi kuda ndi litsiro, uve. Ndiye meseji inati lero ndili ndi litsiro. Iye anamva ndithu zomwe ndimafuna kunena poti nkhani inali yoyimbirana, koma sanazilekerere, anandijambulira mawu ake akutchula awiriwo motsatizana katatu, ndipo nditamvetsera pa mahedifoni ndinamva kuti si zapafupi nkomwe, bận amagwa msanga nkuduka ngati wina wakutseka pakhosi, pomwe bẩn amatsika mofatsa ngati munthu akukayika.

Ndiye ndinabwerera pachiyambi. Chiviyetinamu cha kumpoto, komwe kuli Hanoi, chili ndi matoni 6, kutanthauza makweredwe ndi matsikidwe a mawu, ndipo silabulo iliyonse imanyamula imodzi, palibe yopanda toni. Zizindikiro ndi zisanu chifukwa toni imodzi siilembedwa. Chitsanzo chomwe aliyense amayambira ndi ma. Ukalemba ma wopanda kanthu mawu amayenda mowongoka osakwera osatsika ngati ukugwira noti imodzi mu kwaya, toni imeneyi dzina lake ngang, ndipo ma ndi mzukwa. Kamzere kopendekera kotsika, mà, ndi huyền, mawu amayambira pansi nkutsikabe pang'ono ngati munthu wotopa akuusa moyo, tanthauzo lake koma. Kamzere kokwera, má, ndi sắc, mawu amakwera, ndipo ndi tsaya, komanso kum'mwera ndi momwe ambiri amaitanira amayi awo. Kambedza kooneka ngati chizindikiro cha funso chopanda dontho, mả, ndi hỏi, amatsika kenako nkukhala ngati akufuna kubwereranso m'mwamba, ameneyo ndi manda. Kanyongolotsi kopingasa, mã, ndi ngã, iyi ndiye yondivuta kwambiri, mawu amakwera koma pakati amaduka pakhosi nkupitiriza, ndipo mã ndi nambala kapena chizindikiro chachinsinsi, m'mawu ena ochokera ku Chitchaina ndi hatchi. Yomaliza kadontho pansi, mạ, ndi nặng, yayifupi yolemera yogwa nkuduka, ndipo mạ ndi mbande za mpunga zija amawokera m'madzi.

Chomwe chandithandiza kuloweza nchoti dzina la toni iliyonse limanyamula toni yake yomwe. Huyền ali ndi kamzere kotsika, sắc kokwera, hỏi kambedza, ngã kanyongolotsi, nặng kadontho, ngang alibe kanthu. Ndiye ukangotchula mayina asanu ndi limodziwo molondola wayeserera kale matoni onse, ine ndimawatchula m'mawa ndikudikira madzi a tiyi kuti awire.

Apa ndinene kuti ife a Chichewa tili ndi poyambira pomwe azungu ambiri alibe. Khutu lathu limadziwa kale kuti mtengo womera kumunda ndi mtengo wa sopo pa golosale sizitchulidwa mofanana ngakhale timalemba chimodzimodzi, mwana wa zaka zisanu amasiyanitsa osaphunzitsidwa. Koma ndisanamize, thandizo lake limathera pomwepo. Kwathu mawu amangokhala m'mwamba kapena pansi, ndipo mawu athu ndi aatali, ngakhale uphonye kamvekedwe masilabulo enawo amakupulumutsa. Kwawo silabulo imodzi yokha nthawi zambiri ndi mawu athunthu, ndipo toni imayenda mkati mwa silabuloyo, kukwera, kutsika, kuduka, ndiye palibe pobisala. Nchifukwa chake iwo amalemba matoni pomwe ife sitilemba.

Tsono pomwe ndinkasokonezeka kwenikweni masabata onsewa ndi poti ndinkaika zizindikiro zonse m'thumba limodzi, pomwe zili magulu awiri osagwirizana. Za matoni ndi zisanu zija. Koma kachipewa ka pa â, ê, ô, kambale ka pa ă, ndi kanyanga ka pa ơ ndi ư si matoni, zimenezo ndi zilembo zina paokha, mavawelo ena okhala ndi malo awo mu alifabeti, monganso đ ya kamzere ndi chilembo chosiyana ndi d. Ndiye chilembo chimodzi chimatha kunyamula ziwiri nthawi imodzi, china chokuuza vawelo yake china chokuuza toni. Mu bận kachipewa kakuti vaweloyi ndi â, yayifupi, kadontho kakuti toni ndi nặng. Ukachotsa kachipewa kokha nkusiya kadontho umapeza bạn, amene ndi mnzako. Ukasintha kadontho nkuika kamzere kokwera pa a wamba, bán, ndi kugulitsa, kotsika bàn ndi tebulo, ndipo ukaika kambale ndi kamzere kokwera, bắn, ndi kuwombera. Onsewa ukavula zizindikiro amangokhala ban. Ndinawalemba pa tsamba limodzi la kope langa, mavawelo mopingasa matoni motsika, ndipo kuona mabokosi akudzadza ndi pomwe ndinamvetsa kuti powerenga ndiyenera kufunsa mafunso awiri pa silabulo iliyonse, koyamba vawelo ndi iti, kenako toni ndi iti, osati kungoyang'ana kamodzi nkuganiza kuti ndaona.

Kalembedwe aka ka zilembo zachilatini amakatcha chữ Quốc ngữ, kanayambika ndi amishonale achikatolika m'zaka za m'ma 1600, ambiri a iwo Apwitikizi monga Francisco de Pina, ndipo dikishonale ya Alexandre de Rhodes inasindikizidwa ku Roma mu 1651. Alifabeti yachilatini inalibe mavawelo okwanira komanso inalibe njira yosonyezera matoni, ndiye anachita kusanjikiza zizindikiro, nzomwe tikulimbana nazo lerozi.

Funso lomwe ndinadzifunsa ndi loti kodi kambedza kaja kanabwera bwanji pomwe ndinkadziwa kuti ndikufuna kadontho. Yankho lili pa kiyibodi. Ndimagwiritsa ntchito njira yotchedwa Telex, yomwe sumasaka zizindikiro koma umalemba zilembo wamba ndiye foni imasintha yokha. Kubwereza vawelo kumabweretsa kachipewa, w amabweretsa kambale kapena kanyanga, ndipo toni umaika ndi chilembo chimodzi kumapeto:

```
aa = â   ee = ê   oo = ô   dd = đ
aw = ă   ow = ơ   uw = ư
s = á   f = à   r = ả   x = ã   j = ạ
baanj = bận
baanr = bẩn
```

Ndiye kusiyana kwa kutanganidwa ndi litsiro ndi j ndi r basi. Ine m'mutu ndinali nditasokoneza ziwirizi, chala chinapita pa r, ndipo pa sikirini ya foni ẩ ndi kakang'ono kwambiri moti kambedza kokhala pambali pa kachipewa sikaoneka ukamafulumira. Panopa ndakuza zilembo pa foni, ndipo ndisanatumize ndimayang'ana pansi pa mzere kaye, chifukwa nặng ndi yekhayo amene amakhala pansi, ngati ndimafuna nặng koma pansi palibe kadontho ndiye kuti ndalakwitsa, sizifunanso kuganiza. Ukaika toni yolakwika umangodina chilembo cholondola imasintha, kapena z kuti ichoke. Kungoti Telex ikakhala yoyatsa ukamalemba Chichewa imawononga, mawu ngati mawa amasokonekera poti aw imasanduka ă, ndiye muzikumbukira kubwerera ku kiyibodi yanu.

Lamulo lina laling'ono lomwe landichepetsera ntchito: silabulo ikathera ndi p, t, c kapena ch, imangolandira matoni awiri okha, sắc kapena nặng. Ndiye mắt ndi diso, mặt ndi nkhope, mất ndi kutaya, mật ndi uchi kapena ndulu malinga ndi mawu oyandikana nawo, koma kambedza kapena kanyongolotsi pa mawu otere simungakapeze. Ndikamalemba zomwe ndikumva nkumva t kumapeto ndimangosankha pakati pa kukwera ndi kugwa.

Pomwe ndidakali kumbuyo ndi hỏi ndi ngã. Ndinayesa mawu 20 amene chị anandijambulira, ine nkumalemba toni yake osaona, ndinakhoza 13, ndipo mwa 7 ndinaphonyawo 5 anali awiriwa. Sữa ndi mkaka, sửa ndi kukonza chinthu chowonongeka, ku Hanoi amasiyana momveka chifukwa sữa amaduka pakhosi nkukwera. Kum'mwera monga ku Ho Chi Minh matoni awiriwa amatchulidwa mofanana, amakhala ndi asanu, koma polemba amayenerabe kusiyanitsa, ndiye ngakhale eni chiyankhulo akumeneko amachita kuloweza kuti mawu awa ndi a kambedza kapena a kanyongolotsi. Ndinazindikira mochedwa kuti mavidiyo ena omwe ndinkamvetsera anali a anthu akum'mwera, ndiye khutu langa limasakasaka kusiyana komwe munalibe. Pakadali pano ndawasiya kaye, ndikumvetsera akumpoto okha mpaka awiriwa atakhazikika.

Eni ake nthawi zina amalemberana mameseji opanda zizindikiro nkumamvana, chifukwa amadziwa kale mawu onse ndipo chiganizo chimawauza kuti mua apa ndi mua kugula, mưa mvula, mùa nyengo kapena múa kuvina. Ine ndinamupempha chị kuti kwa ine asamatero, azilemba zonse, chifukwa ndikaona mawu ovula ndimawatchula onse ndi ngang ndipo amakhazikika choncho m'mutu. Sabata ya mawa ndikubwerezanso mayeso omwe aja ndi mawu 20 ena, theka a hỏi theka a ngã, ndipo ulendo uno ndidzijambulanso ndekha ndikutchula sữa ndi sửa kuti amve ngati kuduka kwa pakhosi kuja kukumveka.