Madeti 412 amene ankakana kusanjika

Ndimathandiza kusunga kaundula wa ana a m'sukulu za mkombaphala zisanu ndi ziwiri za m'dera lathu. Mu Ogasiti 2024 anandiuza kuti nditulutse mayina a ana amene adzakhale atakwanitsa zaka 6 pofika pa 1 Sepitembala, kuti makolo awo akawalembetse Sitandade 1. Alezi anali atalemba ana pafomu ya pafoni, ndipo ine ndinalandira fayilo ya CSV ya ana 412. Ndinaganiza kuti ndi ntchito ya mphindi khumi. Ndinaitsegula mu Excel pongoidina kawiri, n'kusanja kolamu C, ya tsiku lobadwa, kuyambira wamkulu kufika wamng'ono.

Zimene zinatuluka zinali zosokonekera. Kumtunda madeti anasanjika bwinobwino, koma nditatsika ndinapeza `13/01/2020` ali pamwamba pa `13/02/2018`, kenako `14/06/2019`. Kumunsiko Excel ankasanja ngati mmene amasanjira mayina, chilembo ndi chilembo, chifukwa kwa iye amenewo sanali madeti koma mawu chabe.

Deti lenileni mu Excel ndi nambala yowerenga masiku kuchokera pa 1 Januwale 1900, tsiku limene lili nambala 1. Mwachitsanzo 9 Malichi 2018 ndi 43168, ndipo zimene timaona pasikirini ndi malaya chabe amene nambalayo yavala. N'chifukwa chake deti lenileni limatsamira kumanja kwa selo ngati nambala ina iliyonse, pamene deti limene ndi mawu limatsamira kumanzere. Kuyang'ana ndi maso sikokwanira ngati wina anasinthapo kale katsamiridweko, choncho ndinawerengetsa:

```
=SUMPRODUCT(--ISNUMBER(C2:C413))
```

Inandipatsa 151. Madeti enieni anali 151, otsala 261 anali mawu. Ndinayamba ndasankha kolamu yonse n'kuipatsa `Short Date`, koma palibe chinasintha, ndipo sichingasinthe: malaya amenewo amangovala nambala, mawu savala.

Apa ndi pamene ndinatsala pang'ono kulakwitsa. Ndinkaona ngati 151 aja ndi abwino, vuto lili pa 261 okhawo. Chinandipulumutsa n'chakuti mwana mmodzi pamndandandawo ndimamudziwa, ndi wa mlongo wanga, ndipo anabadwa pa 9 Malichi 2018. Pa selo yake panali `9/3/2018`, zooneka zolondola. Nditaisintha kukhala `General` inaonetsa 43346 m'malo mwa 43168. Nambala imeneyo ndi 3 Sepitembala 2018.

Chinachitika ndi ichi. Laputopu yanga inabwera `Region` yake ili pa `English (United States)`, ndipo Aamerika amayamba ndi mwezi kenako tsiku. Ife timayamba ndi tsiku. Excel potsegula CSV amayesa deti lililonse mwa Chiamerika chake. Akapeza `25/04/2018` amalephera, poti mwezi wa 25 kulibe, ndiye amangolisiya ngati mawu. Koma akapeza `09/03/2018` salephera. Amaliwerenga ngati mwezi wa 9 tsiku la 3, amalisandutsa nambala, osanena kanthu. Amene analephereka aja ndiwo anapulumuka, amene anaoneka ngati atheka ndiwo anaonongeka.

Kwa mwana wa mlongo wanga, kusiyana kwake kunali chaka chathunthu cha sukulu. Wobadwa pa 9 Malichi 2018 amakhala ndi zaka 6 pa 1 Sepitembala 2024, koma wobadwa pa 3 Sepitembala amakhala atapereweza masiku awiri, ndiye akanatsala. Mwana wina wa `04/11/2018`, wa Novembala, anasanduka wa 11 Epulo, ndipo akanalowa pamndandanda ali ndi zaka 5.

Pali njira yodziwira zimenezi ngakhale mulibe mwana amene mukumudziwa. Ndinaika `=DAY(C2)` m'kolamu yapambali n'kuyang'ana madeti enieni aja okha. Ana amabadwa tsiku lililonse la mwezi, choncho pa ana khumi alionse pafupifupi asanu ndi mmodzi amayenera kukhala obadwa pambuyo pa tsiku la 12. Pa 151 anga, oposa 12 analipo 9 okha. Mukaona madeti enieni ataunjikana pa 1 mpaka 12, pamene a mawu onse akuyamba ndi 13 kupita m'tsogolo, dziwani kuti tsiku ndi mwezi zasinthana.

Pali fomula imene anthu amakonda kupatsana yobwezera zosinthanazo, `=DATE(YEAR(C2),DAY(C2),MONTH(C2))`. Imagwira ntchito ngati mukutsimikiza kuti deti lililonse linasinthanadi. Ine sindikanatsimikiza. Madeti 9 aja anandisonyeza kuti alezi ena analemba mwa njira ina, monga kuyamba ndi chaka, ngati `2018-05-21`, ndipo kalembedwe kameneko Excel amakawerenga molondola. Ndiye pakati pa 151 panali ena ngati `2018-05-07` amene anali olondola kale, koma tsopano ankaoneka chimodzimodzi ndi osinthana aja. Fomulayo ikanakonza ena n'kuononga ena. Ndinatseka fayilo osasunga. Mwayi wanga unali pamenepo, chifukwa ndikanasunga pamwamba pa CSV yoyambayo, zimene alezi analemba zikanafufutika.

Kachiwiri sindinaidine kawiri. Ndinatsegula Excel yopanda kanthu, n'kupita pa `Data`, `From Text/CSV`, kenako `Transform Data`. Kumanja, pa `Applied Steps`, ndinachotsa sitepe ya `Changed Type`, ndinaonetsetsa kuti kolamu ya madeti ili pa `Text`, n'kudina `Close & Load`. Fomula yowerengetsa ija inapereka 0, ndipo ulendo uno 0 ndi amene ndinkamufuna.

Tsopano ndinaona zimene alezi analembadi. Ambiri analemba `25/04/2018`, ena `3.4.2019`, ena `9-3-18`, ena oyamba ndi chaka aja, ndipo mlezi mmodzi analemba `7 Malichi 2019`. Sindinagwiritse ntchito `DATEVALUE`, chifukwa nayonso imatsatira `Region` ya kompyuta, moti fomula imodzimodziyo ikhoza kupereka yankho lina pa laputopu ya mnzanu. Ndinasankha kuphwanya deti lililonse m'zigawo zitatu n'kulimanganso ndekha. Choyamba ndinafananitsa zolekanitsira zonse mu D2:

```
=SUBSTITUTE(TRIM(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(C2,CHAR(160)," "),"."," "),"-"," "))," ","/")
```

Fomulayi imasandutsa kadontho ndi kamzere kukhala mpata, `TRIM` amachotsa mipata yosafunika, kenako mpata uliwonse wotsala umakhala `/`. `CHAR(160)` ndi mpata wosaoneka umene umabwera ndi zinthu zokopedwa pa intaneti, ndipo `TRIM` payekha sauchotsa.

Ndinakopera kolamu D n'kuimata mu E ndi `Paste Values`, kenako `Text to Columns`, `Delimited`, `Other`, n'kulemba `/`. Zinatuluka kolamu zitatu, E, F ndi G. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti zachilendo zonse zimaonekera poyera mukangotsegula fiyuta ya kolamu iliyonse. Mu F ndinapeza Malichi, Meyi ndi Okutobala, mayina amene Excel sawadziwa, ndipo poti anali ochepa ndinangowalemba pamanja 3, 5 ndi 10. Deti lenileni ndinalimanga mu H2:

```
=IF(E2>31,DATE(E2,F2,G2),DATE(IF(G2<100,G2+2000,G2),F2,E2))
```

Chigawo choyamba chikaposa 31 ndiye kuti ndi chaka. Kuwonjezera 2000 kuja n'kofunika chifukwa `DATE` akapatsidwa chaka 18 amapanga 1918. Kunali kotheka pano poti onse ndi ana. Pa kaundula wa akuluakulu, 58 ndi 1958, ndipo lamulo liyenera kukhala lina.

`DATE` ali ndi khalidwe limodzi loipa: sakana tsiku kapena mwezi wosatheka. Mukamupatsa 31 Febuluwale 2019 amangopitirira n'kukupatsani 3 Malichi. Mukamupatsa mwezi wa 25 chaka cha 2018 amakufikitsani mu Januwale 2020. Choncho ndinaika chofufuzira mu I2, `=MONTH(H2)=F2`, n'kusefa onse a `FALSE`. Anatuluka 14.

Asanu mwa iwo anali ana amene analembedwa chaka chokha, `2018`, ndipo Excel anawapangira 30 Novembala 2017, tsiku limene palibe analilemba. Mmodzi anali wa 31 Juni. Otsala asanu ndi atatu anali ndi mwezi ngati 23 kapena 17, ndipo onse anali a sukulu imodzi. Mlezi wa kumeneko ankayamba ndi mwezi. Asanu ndi atatuwo sanandivute, ndinangowatembenuza. Ovuta anali ana ake ena amene manambala onse awiri anali osaposa 12, chifukwa `05/08/2018` wochokera kwa iye akanatha kukhala 5 Ogasiti kapena 8 Meyi, ndipo palibe fomula imene ingadziwe zimenezo. Ndinawaimbira foni.

“Mayi, pa madeti a ana anuwa mumayamba ndi chani, tsiku kapena mwezi?”

“Aa, achimwene, ndimangotsatira mmene foni imaonetsera pamwamba paja. Koma ena ndinakopera m'makadi a kusikelo, amenewo ndinalemba mmene zinaliri.”

Ndiye kuti ngakhale iwo eni ake anasakaniza. Tinagwirizana kuti atenge makadi a kusikelo kwa makolo, ndipo m'masiku awiri ananditumizira madeti olondola, mwezi uli m'mawu. A chaka chokha aja ndi wa 31 Juni ndinawasiya opanda deti mpaka atapezeka. Kuwapatsa 1 Januwale kuti tebulo lidzaze sindinafune, chifukwa deti longopeka likalowa limaoneka ngati lenileni, ndipo chaka chamawa palibe angalizindikire.

Nditamaliza ndinamata H ngati `Paste Values` ndi kuipatsa kaonekedwe ka `dd-mmm-yyyy`, kuti mwezi uzioneka m'zilembo. Kusanja kunayenda kamodzin'kamodzi. Zaka ndinawerengetsa motere:

```
=IF(H2="","",DATEDIF(H2,DATE(2024,9,1),"Y"))
```

`DATEDIF` saoneka pamndandanda umene Excel amatulutsa mukamalemba fomula, koma amagwira ntchito, ndipo `"Y"` imapereka zaka zokwanira zokhazokha. Kungochotsera 2018 pa 2024 kukanapatsa zaka 6 ngakhale mwana wa Novembala uja. Sindinaike `TODAY()` chifukwa funso linali la pa 1 Sepitembala, ndipo mndandanda ukanamasintha tsiku lililonse munthu akautsegula. Kachigawo ka `IF` kali pamenepo chifukwa selo yopanda kanthu Excel amaitenga ngati 0, ndipo poyesa koyamba ana asanu ndi mmodzi opanda deti aja anatuluka ali ndi zaka 124.

Kenako ndinatenga ana 20 mwachisawawa n'kuyerekeza H ndi zimene zili mu C, kolamu imene sindinaikhudze n'komwe, ndipo onse anagwirizana. Mndandanda ndinautumiza ngati `.xlsx`, chifukwa ndikanautumiza ngati CSV, kompyuta ya wolandira ikanawerenganso madetiwo mwa njira yake. `Region` ya laputopu ndinaisintha kukhala `English (United Kingdom)` madzulo omwewo, ndipo amene amakonza fomu ya pafoni ija ndinawapempha kuti pamalo a tsiku lobadwa aike kalendala yosankhapo m'malo mwa bokosi lolembamo.