Chitowe chija chalola kusinjika tsopano

Lero ndapeza ufa wa chitowe wosalala popanda kusefa, ndipo mnkhwani wotendera wakoma kwabasi. Nkhondo yonse inali pa sefa.

Ambiri timachita chitowe monga timachitira nsinjiro za mtedza: kusinja, kusefa, zotsala pamwamba kupatsa nkhuku. Koma zotsalazo ndi makoko, ndipo kashiamu wambiri wa chitowe, mchere uja wolimbitsa mafupa, amakhala m'makokomo. Magalamu 100 a chitowe chosachotsa makoko amakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 975, pomwe choyera mbee chija amawaza pa mabanzi chimangotsala ndi 60 kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye ufa wanga umafunika kufewa makoko ali momwemo.

Kudya njere zathunthu nakonso sikuthandiza. N'zazing'ono, zimazemba mano, ndipo zambiri zimadutsa m'mimba zili zamphumphu n'kutuluka monga zinalowera. Ukazipera, madzi ogaya chakudya amafika mkati mwake.

Chomwe chinandidyera masiku n'chinyezi. Chitowe chathu chimabwera ndi mchenga chifukwa amachipunthira pansi, choncho kupeta kokha sikukwanira, umayenera kuchitsuka. Chikakhala kuti sichinaumitsitse, mumtondo chimangoterera pansi pa musi, kuphwatalala osasweka. Panopa ndikuchiyanika pa lichero mpaka chizichita waa m'manja, kenako kukazinga pa moto wochepa ndikuvundula osaleka. Njere zikayamba kuthetheka ndi kununkhira, phulani pomwepo; mukachedwa pang'ono chimawawa. Chizizire kaye. Ndimasinja kapu imodzi yokha nthawi imodzi, ndi kamchere pang'ono kuti musi uzigwira, n'kumalizira pa mphero. Kuyesa kwake, ndimafikisa ufa pachikhatho chonyowa: njere zikamaonekabe, ubwerere pamwala. Osapitiriranso, chifukwa pafupifupi theka la chitowe ndi mafuta, ndipo chimasanduka chiponde musanazindikire.

Chabwino ndimagula kwa mayi wina amene amabwera nacho kuchokera ku Chikwawa, chofiirira, chosanunkha nkhungu. Ndi yemweyo anandipezera mawere aja ndinkayesera thobwa chaka chatha.

Ndinene mosabisa kuti kupera sikuthetsa zonse. Kashiamu wambiri wa m'makoko ndi womangika ndi okisaleti, mankhwala achilengedwe opezeka m'zomera zina, ndipo womangikayo thupi limangoyamwa wochepa. Supuni yaikulu imodzi ili ndi mamiligalamu pafupifupi 90, munthu wamkulu amafunika pafupifupi 1,000 patsiku, ndiye pa 90 pomwepo si onse olowa m'magazi. N'chifukwa chake ine usipa wodya ndi minga yomwe sindikuusiya. Chitowe chikungowonjezera, masupuni awiri mu phala la ana kapena m'ndiwo zamasamba.

Ufawu suchedwa kuvunda mafuta, choncho ndikusinja wa sabata imodzi basi, m'botolo lotseka bwino. Kutsogoloku ndikufuna kuyesa kumeretsa chitowe ngati chimera ndisanakazinge, ndipo mvula ikagwa bwino mwina ndidzale changa kuseri kwa nyumba.