Kalata yomwe ndalembera amwali usiku uno

Nsima yandikanika lero. Masana ndinakumana ndi mnzanga uja wa okala pa siteji ya Luchenza, atanyamula thumba lokha lopanda kanthu. Atandiona anayamba wayang'ana kumbali. Tinakula limodzi, madzi tinkatunga pa chitsime chimodzi, ndiye lero azindibisira nkhope chifukwa okala yatsekedwa? Ndinamugwira dzanja, tinakhala pakhonde la sitolo ina, n'kundifotokozera zonse.

Okala yake inali kufupi ndi makomboni a esiteti ya tiyi, ndipo ogula ambiri anali othyola tiyi. Nthawi ya dzinja tiyi amaphuka kwambiri, aganyu amachuluka, ndalama imayenda. Anthu ankatenga shuga, sopo, mafuta ophikira oyeza pa kabotolo, n'kulembetsa m'kabuku kuti adzalipira akalandira. Mvula itatha tiyi anachepa, aganyu anawapumitsa, ambiri anabwerera kwawo ku Phalombe ndi kwina, maina awo n'kutsala m'kabukumo. Akuti pa mpamba wake wa K400,000, ndalama yokwana K150,000 inagona m'kabuku.

Chinamumaliza ndi mitengo. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu ku Limbe sakhazikika pa mtengo umodzi. Iye amati akaoda katundu wa K100,000 n'kumugulitsa K115,000, ankaona ngati wapindula. Pobwerera kokaoda n'kupeza katundu yemweyo wafika pa K125,000, kuwonjezerapo ya minibasi. Ulendo uliwonse makatoni ankachepa, mashelefu n'kumaoneka matabwa, pomwe m'mutu mwake akuwerengera phindu. Ndiwo za pakhomo ndi fizi ya mwana zinkachokanso m'kabati momwemo.

Koma chomwe chandisowetsa mtendere si zimenezi ayi. Potsanzikana anandinong'oneza kuti pali bambo wina wa katapila amene wamulonjeza K100,000, kuti pakutha pa mwezi adzabweze K150,000, chikole chake makina osokera a malemu mayi ake. Ndinangoti kukamwa yasa. Minibasi inadzadza, kondakitala akukuwa, ine osanena kanthu.

Mtima wanga wakhala ukuwawa madzulo onse. Ndakalipira ana pa nkhani ya ziii. Anthu a kuno timathamanga kukagona pa maliro, koma geni ya munthu ikafa timangoonerera, ena mpaka kumati anadya yekha ndalama, ena kumati anamulodza. Palibe amene amakhala naye pansi n'kutsegula kabuku kaja.

Ndiye ndang'amba pepala m'kope la mwana n'kulemba chonchi:

"Amwali, akuluakulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Okala yapita, koma khosi lilipo. Muli ndi makina a amayi, muli ndi dzina labwino ku banki m'khonde, komwe simunaphonyepo kubweza, ndiponso mukudziwa mmene malonda amayendera. Chonde musazipereke kwa wa katapila. Taganizani, pa K100,000 inu mumapeza K15,000, iye akufuna K50,000 pamwamba mwezi umodzi. Ngakhale katunduyo atatha katatu pa mwezi, simungakwanitse, ndipo makina adzapita.

"Yambani ndi kabuku. Patulani maina a anthu omwe adakalipo kuno, makamaka a ntchito yokhazikika pa esiteti. Muziwapeza tsiku lolandira, m'mawa ndalama isanagawike, ndipo musakane ngakhale atakupatsani K2,000. Omwe anapita kwawo aja achotseni mumtima, musawonongerenso ndalama ya ulendo kuwalondola.

"Zomwe mutolere musatsegulire okala. Yambani ndi chinthu chimodzi chotha msanga, chosafuna lendi, kaya mandasi pa geti, kaya kusoka mayunifolomu sukulu zikamatsegulira. Poika mtengo muziyamba mwafunsa kuti katunduyo ali pa zingati lero kooda, osati mmene munagulira. Ya ndiwo izikhala m'chitini chake, ya geni m'chitini chake. Ngongole ayi, ngakhale kwa ine ndemwe."

Pamenepo cholembera chinaima. Ndimafuna kuwonjezera kuti ndimubwereka kangachepe gulu lathu likagawana mu Disembala, koma bambo a kunyumba sindinawauze, ndipo feteleza sitinagule. Kulonjeza munthu amene ali pa mavuto n'kulephera kukwaniritsa ndi nkhanza yoposa kungokhala chete.

Chinanso, sindikudziwa ngati aiwerenge bwino kalatayi. Mwina aona ngati ndikumuphunzitsa nzeru ine wolandira malipiro pa mwezi, amene sindinakhalepo m'okala tsiku lonse kudikira wogula machesi. Wa katapila uja akuti akumana Lachisanu. Mawa ndipatsira mwana wa mlongo wanga popita ku sukulu, kapena ndipite ndekha ndikaweruka, ngati mvula ya Chiperoni yayambayi ingalole.